Market, Limit kapena Stop: Mafunso ndi Mayankho kwa Woyamba Kugula Masheya

Mwatsegula akaunti kwa buloka, mwaikamo ndalama, kampani mwaisankha kale. Tsopano fomu kapena foni ikukufunsani mtundu wa oda, ndipo pali mawu atatu: Market, Limit, Stop. Ambiri apa amangodina loyambalo. Mayankho ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi cha kampani yongoyerekeza, ndipo mitengo yake ndi yongopeka kuti masamu aoneke bwino.

Kodi "oda" ndi chiyani pa nkhani ya masheya?

Si kuoda kwa kaunjika kapena matumba a mbatata ayi. Oda ndi malangizo amene mumapereka kwa buloka wanu: kampani yake ndi iyi, ndikufuna kugula kapena kugulitsa, masheya akhale angati, ndipo nkhani ya mtengo muichite motere. Mtundu wa oda umayankha mbali yomalizayo. Inu simulowa nokha mu msika wa masheya. Kaya ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kaya ndi Johannesburg kapena London, amene amalowetsa oda yanu ndi buloka wokhala ndi chilolezo, ndipo amachita zomwe mwalemba, osati zomwe mumaganiza mumtima.

Mtengo wa sheya ndauona kale m'nyuzipepala. Bwanji osangogula pa mtengo womwewo?

Chifukwa mtengo umene mwauonawo ndi wa malonda amene anachitika kale. Munthu wina anagulitsa, wina anagula, zinatha. Pa kampani yomwe masheya ake sayenda kawirikawiri, malondawo mwina anachitika dzana kapena sabata yatha.

Zomwe zilipo panopa ndi mizere iwiri ya anthu odikira. Mzere wina ndi wa ogula, aliyense ndi mtengo womwe akulolera kulipira. Mzere wina ndi wa ogulitsa, aliyense ndi mtengo womwe akufuna. Mtengo wapamwamba kwambiri mwa ogula umalembedwa Bid, ndipo wotsikitsitsa mwa ogulitsa umalembedwa Ask kapena Offer. Pakati pa awiriwa pamakhala mpata, ndipo malonda amachitika pokhapokha wina akalolera kuwoloka mpatawo.

Tiyerekeze kuti malonda omaliza a kampani yathu anachitika pa K98. Lero m'mawa ogulitsa aima chonchi: woyamba ali ndi masheya 2,000 pa K100, wachiwiri 3,000 pa K104, wachitatu 10,000 pa K115. Kwa ogula, wolimba mtima kwambiri akufuna 1,500 pa K96, ndipo pambuyo pake pali wofuna 4,000 pa K90. Onani kuti pa K98, mtengo wa m'nyuzipepala uja, palibe aliyense amene akugulitsa.

Ndikasankha Market chimachitika n'chiyani?

Mwauza buloka kuti: ndigulireni pompano, pa mtengo uliwonse womwe ulipo. Oda yanu imayamba ndi wogulitsa wotchipitsitsa, ikamaliza katundu wake imapita kwa wotsatira, mpaka chiwerengero chanu chikwane.

Mukufuna masheya 8,000, ndipo m'mutu mwawerengera K98 iliyonse, kutanthauza K784,000. Oda ikulowa. Masheya 2,000 oyamba mwawapeza pa K100, ndiye K200,000. Ena 3,000 pa K104, ndiye K312,000. Atsala 3,000, ndipo wogulitsa amene watsala ndi wa K115 uja, ndiye K345,000. Zonse pamodzi K857,000, komishoni tisanaikepo. Sheya iliyonse yakudyerani pafupifupi K107, ndipo mwalipira K73,000 kuposa zomwe munawerengera.

Palibe amene wakuberani. Zili ngati kutuma mwana ku msika kuti akagule ndowa zisanu ndi zitatu za chimanga zivute zitani: mayi wotchipa anali ndi ndowa ziwiri zokha, zotsalazo mwanayo wakagula kwa venda wodula, popeza simunamuuze polekezera.

Pogulitsa zimayenda chimodzimodzi, koma motsetsereka. Oda ya Market yogulitsa masheya 5,000 ingapeze wa K96 uja, n'kumupatsa 1,500, otsalawo n'kugwera kwa wa K90.

Ndiye kuti oda ya Market ndi yoipa?

Ayi. Ili ndi malo ake. Pa kampani zikuluzikulu za ku New York kapena London, zomwe masheya ake amasinthana manja mamiliyoni pa tsiku, mpata wa pakati pa Bid ndi Ask umatha kukhala senti imodzi kapena ziwiri, ndipo pa mtengo uliwonse pamakhala masheya ambirimbiri. Munthu wogula masheya khumi kumeneko sangagwedeze kanthu. Oda ya Market imamupatsa mtengo womwe akuuona, kapena woyandikana nawo kwambiri.

Vuto limabwera pa misika yomwe ogula ndi ogulitsa ndi ochepa. Msika wa ku Malawi ndi waung'ono. Unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO, ndipo ngakhale kunabwera mayina odziwika ngati National Bank, Illovo, TNM, Press Corporation, kenako Airtel Malawi ndi FDH Bank mu 2020, masheya ambiri ali m'manja mwa makampani ndi mabungwe akuluakulu, monga a penshoni ndi inshuwalansi, omwe amagula n'kusunga. Zikatero mzere wa ogulitsa umatha kufupika kwambiri. Pa msika wotere, ineyo sindingalangize woyamba kumene kuti atumize oda yopanda malire a mtengo.

Nanga Limit imasiyana pati?

Apa mumaika malire. Pogula, Limit ndi mtengo wapamwamba kwambiri womwe mungalipire. Pogulitsa, ndi mtengo wotsikitsitsa womwe mungalandire. Buloka akhoza kukupezerani mtengo wabwino kuposa pamenepo, koma woipa kuposa pamenepo ayi.

Tibwerere ku masheya 8,000 aja, koma tsopano mwalemba Limit ya K104. Oda ikutenga 2,000 pa K100, popeza ndi otchipa kuposa malire anu. Ikutenganso 3,000 pa K104. Ikafika kwa wa K115, ikuima. Mwagula masheya 5,000 ndi K512,000, kutanthauza K102.40 iliyonse. Masheya 3,000 otsalawo sakutayika: oda yanu ikukhala pa mzere wa ogula pa K104, ndipo panopa ndinu woyamba pa mzerewo, patsogolo pa wa K96. Wogulitsa aliyense wobwera ndi changu ayamba ndi inu.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukalemba K104 ndiye kuti ulipira K104 basi. Si choncho. Masheya 2,000 oyamba aja munawapeza pa K100 ngakhale munalolera K104.

Muthanso kunenerera. Mukalemba Limit ya K97, lero simugula kanthu, chifukwa palibe wogulitsa pa mtengo umenewo. Mwangoima pa mzere kudikira kuti wina atope atsitse.

Choipa cha Limit n'chiyani?

Mutha kutsala chimanjamanja. Mwaika K97, mawa kampani yalengeza phindu lalikulu, mtengo wakwera kufika K120 ndipo sunabwerenso. Munapulumutsa K3 pa sheya yomwe simunaigule n'komwe. Ngati mukufunadi kampaniyo ndipo mukufuna kuisunga zaka, kulimbirana makwacha awiri kapena atatu n'kutaya nthawi. Njira yomwe ambiri odziwa amatsata ndi kuika Limit pa mtengo wa Ask womwewo kapena pamwamba pake pang'ono. Imagula nthawi yomweyo ngati Market, koma ili ndi denga loti isapitirire.

Chachiwiri ndi kugula moperewera, monga zinachitikira pa 5,000 mwa 8,000 paja. Oda yotere itha kukwaniritsidwa pang'onopang'ono masiku angapo, ndipo mabuloka ena ali ndi komishoni yochepetsetsa yomwe amadula tsiku lililonse lomwe malonda achitika. Pa ndalama zochepa, zidutswa zitatu zitha kukudyerani kwambiri kuposa kugula kamodzi. Funsani za izi musanatumize oda.

Mtengo unafika pa Limit yanga, koma sindinagule. Buloka wandinyalanyaza?

Kawirikawiri ayi. Misika yoyendera makompyuta, kuphatikizapo wa ku Blantyre chiyambire 2018, imatsata zinthu ziwiri: mtengo wabwino umatsogola, ndipo mitengo ikafanana amatsogola amene anafika msanga. N'chimodzimodzi pa chigayo. Ngati pa K97 panali kale anthu ofuna masheya 6,000 inu musanabwere, ndipo wogulitsa wabwera ndi 4,000 okha, mtengo uoneka kuti wafika pa K97 koma katundu wathera kwa anzanu a patsogolo.

Dziwaninso kuti mukasintha mtengo wa oda yanu, kapena kuonjezera chiwerengero, pa misika yambiri mumataya malo n'kubwerera kumbuyo kwa mzere. Kusinthasintha oda tsiku lonse kumakubwezani m'mbuyo.

Oda ya Stop ndiye imagwira ntchito bwanji?

Iyi ndi oda yogona. Siioneka pa mzere wa ogula kapena ogulitsa. Imadikira mpaka mtengo ufike pomwe mwatchula, kenako imadzuka n'kusanduka oda ya Market. Mawu oti imasanduka Market ndiwo mutu wa nkhani yonse, ndipo ndi omwe anthu amawadumpha.

Ambiri amaigwiritsa ntchito pofuna kuchepetsa kuluza, n'chifukwa chake pa mafoni ena imalembedwa Stop Loss. Muli ndi masheya 5,000 aja omwe munagula pa K102.40. Mukunena kuti zikavuta mpaka K95, ndituluke. Mwaika Stop pa K95. Mtengo ukamayenda pa K99, K103, K97, palibe chochitika. Tsiku lina malonda achitika pa K95, oda yanu yadzuka. Tsopano ikufuna ogula, ndipo tiyerekeze kuti omwe alipo ndi wa 1,500 pa K94 ndi wa 4,000 pa K90. Masheya 1,500 apita pa K94, ndiye K141,000. Otsala 3,500 apita pa K90, ndiye K315,000. Mwalandira K456,000, kapena K91.20 pa sheya. Inu mumayembekezera K475,000.

Choncho K95 sinali mtengo wogulitsira. Inali belu chabe. Mtengo weniweni unatsimikizika ndi anthu omwe anali pa mzere belulo litalira.

Koma Stop imanditeteza ndithu kuti ndisaluze kwambiri, si choncho?

Imateteza mtengo ukamatsika pang'onopang'ono pa msika wodzaza anthu. Siteteza mtengo ukadumpha. Nkhani zoipa za kampani nthawi zambiri zimatuluka msika utatseka. Sheya yatseka pa K99, usiku kwamveka kuti kampani yaluza kwambiri, m'mawa malonda oyamba achitika pa K86. Mtengo sunadutse pa K95 n'komwe, unangolumpha. Stop yanu idzuka, chifukwa K86 ili pansi pa K95, ndipo igulitsa pa K86 kapena kutsikirapo. Pa masheya 5,000 ndiye K430,000 zikayenda bwino.

Pali tsiku lomwe anthu a ku America sanaiwale pa nkhaniyi. Pa 6 Meyi 2010, masana, mitengo ku New York inagwa mwadzidzidzi m'mphindi zowerengeka. Chiwerengero cha Dow Jones, chomwe chimayeza mitengo ya masheya a kampani zikuluzikulu za ku America, chinatsika ndi pafupifupi mapointi 1,000, kenako n'kubwerera mbali yaikulu tsiku lomwelo. Pa mphindi zimenezo ogula ambiri anachotsa maoda awo, mizere inatsala yopanda anthu, ndipo masheya a kampani yaikulu ya Accenture, omwe anali pafupifupi madola 40, anagulitsidwa pa senti imodzi. Maoda a Stop anali kudzuka n'kugulitsa m'dzenje lomwelo. Pambuyo pake akuluakulu a misika anafafaniza malonda omwe anatalikirana ndi mtengo wa poyamba ndi 60 peresenti kapena kuposa. Amene anagulitsidwira masheya awo motsika ndi 30 kapena 40 peresenti sanabwezeredwe kanthu, ndipo anaona mtengo ukukweranso iwo atatuluka kale.

Zofananako zinachitikanso m'mawa wa pa 24 Ogasiti 2015, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2016 New York Stock Exchange inaleka kulandira maoda a Stop mwachindunji. Mabuloka akumeneko amawaperekabe, koma amawasunga m'makompyuta awo n'kutumiza oda ya Market belu likalira.

Ndaonanso Stop-Limit. Imeneyi ndiye yothetsa vutoli?

Imathetsa vuto limodzi n'kubweretsa lina. Mumalemba mitengo iwiri: wa belu, ndi wa malire. Mwachitsanzo Stop K95, Limit K92. Belu likalira, oda imasanduka Limit yogulitsa pa K92 kapena kuposa. M'chitsanzo chathu, 1,500 apita pa K94, koma wa K90 uja oda imukana. Mwatsala ndi masheya 3,500. Ngati mtengo wabwerera, mwachita mwayi. Ngati ukupitirira kugwa mpaka K70, mukugwa nawo limodzi. Pa tsiku lodumpha lija, lotsegula pa K86, Stop-Limit yanu sigulitsa ngakhale sheya imodzi.

Muyenera kusankha chomwe mukuopa kwambiri: kugulitsa motchipa kwambiri, kapena kukanika kutuluka. Palibe oda yomwe imakutsimikizirani zonse ziwiri, mtengo ndi kuchitika kwa malonda.

Ndikufuna kugulitsa mtengo ukatsika kufika K95. Ndingolemba Limit ya K95?

Musatero. Apa ndi pomwe oyamba kumene amapsa kawirikawiri. Limit yogulitsa ya K95 imatanthauza kuti ndikulolera K95 kapena kuposa. Ngati panopa pali wogula pa K101, ndiye kuti zomwe mwapempha zakwanira kale, ndipo masheya anu apita nthawi yomweyo. Mumafuna mlonda wodikira tsiku loipa, koma mwagulitsa lero.

Kumbukirani mbali yomwe oda iliyonse imakhala poyerekeza ndi mtengo wa panopa. Pogulitsa, Limit yodikira imakhala pamwamba, pomwe mukufuna kukolola phindu, ndipo Stop imakhala pansi, pomwe mukufuna kuthawa. Pogula n'zotembenuza: Limit yodikira imakhala pansi, ndipo Stop imakhala pamwamba. Stop yogula amaikonda anthu ochita malonda a tsiku ndi tsiku omwe amafuna kukwera sheya ikayamba kuthamanga. Munthu wogula masheya ake oyamba alibe nayo ntchito.

Day ndi GTC ndi chiyani?

Ndi kutalika kwa moyo wa oda. Day imafa msika ukatseka tsiku lomwelo. GTC, chidule cha Good Till Cancelled, imakhalabe mpaka itakwaniritsidwa kapena mutaichotsa, ngakhale mabuloka ambiri amaiikira malire a masiku, monga 60 kapena 90.

Ngozi ya GTC ndi kuiwala. Munaika Limit yogula pa K90 mwezi wa Malichi, n'kuiwala. Mu Meyi kwatuluka nkhani yoipa kwambiri, mtengo ukugwa kupita ku K60, ndipo panjira wadutsa pa oda yanu. Mwagula pa K90 kampani yomwe mukanamva nkhaniyo simukanaikhudza. Oda iliyonse yodikira muziionanso kampani ikatsala pang'ono kulengeza zotsatira za chaka kapena za theka la chaka.

Palinso tsiku lomwe sheya imayamba kugulitsidwa popanda dividendi yomwe yalengezedwa, kutanthauza gawo la phindu lomwe kampani imapatsa eni masheya. Tsiku limenelo mtengo umakonda kutsika ndi ndalama yofanana ndi dividendiyo, popanda vuto lililonse ku kampani. Stop yomwe ili pafupi kwambiri itha kudzuka pachabe. Mabuloka ena amasintha okha mitengo ya maoda odikira patsikuli, ena sasintha.

Kodi nthawi yotumizira oda ili ndi kanthu?

Pa oda ya Market, kwambiri. Mukaitumiza usiku msika utatseka, idikira mpaka m'mawa n'kugula pa mtengo wotsegulira, womwe simukuudziwa. Mphindi zoyambirira msika ukangotsegulidwa ndi zomwe mitengo imagwedezeka kwambiri ndipo mpata wa Bid ndi Ask umakula. Kwa omwe mumagula masheya a ku America pa foni, New York imatsegula 9:30 m'mawa nthawi ya kumeneko, yomwe ku Malawi, Zambia ndi South Africa ndi 3:30 masana kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 4:30 miyezi yotsalayo. Ngati mukutumiza oda msika usanatsegule, ikhale ya Limit.

Buloka wanga ndimangomutumizira fomu kapena imelo. Zonsezi zikundikhudza?

Zikukukhudzani, kungoti mawuwo mwina simuwaona pa batani. Pa fomu pamakhala malo olemba mtengo. Mukalembapo nambala, mwapereka Limit. Mukasiya popanda kanthu, kapena kunena kuti mungondigulira pa mtengo womwe ulipo, mwapereka Market, ndipo ena amailemba At Best. Musanalembe, mufunseni buloka zinthu zitatu: Bid ndi Ask zili pati lero, pa mitengo imeneyo pali masheya angati, ndipo malonda omaliza anachitika liti. Funso lachiwirilo ndi lomwe likanakupulumutsani ku K115 ija. Lembani malangizo anu, osangonena pa foni, ndipo mutchule tsiku lomwe oda ithere mphamvu. Mu ndalama zomwe mwaika musiyemo ya komishoni ndi misonkho, apo ayi chiwerengero cha masheya chidzachepetsedwa.

Za Stop, si buloka aliyense kapena msika uliwonse umene umailandira, choncho funsani. Buloka akanena kuti adzakuyang'anirirani mtengo n'kukuimbirani, chimenecho ndi chifundo cha munthu, si oda ya Stop.

Ine ndikugula kuti ndisunge zaka zambiri. Stop ndikuifuna?

M'maganizo mwanga, nthawi zambiri ayi. Sheya yabwinobwino imatha kutsika ndi 10 peresenti m'chaka n'kukweranso popanda chifukwa chachikulu. Stop yoikidwa pafupi imakutulutsani pa kutsika wamba kotere, mwalipira komishoni pogulitsa, mudzalipiranso pogula kachiwiri, mwina pa mtengo wokwera, ndipo dividendi itha kukudutsani pakatipo. Pa sheya yomwe malonda ake ndi apatalipatali ndiye zimanyanya: munthu mmodzi wofuna fizi ya mwana mwachangu atha kugulitsa masheya 200 okha pa K95, n'kudzutsa Stop yanu ya masheya 5,000 pa tsiku lomwe mzere wa ogula uli ndi anthu awiri.

Ngati chomwe mukufuna n'kudziwa kuti mtengo watsika, mapulogalamu ambiri a pa foni ali ndi Price Alert, yomwe imakutumizirani uthenga mtengo ukafika pomwe mwatchula koma sigulitsa kanthu. Uthengawo ukafika, mumayamba mwaona chomwe chatsitsa mtengo, mumafunsa kuti pa Bid pali masheya angati, ndipo ngati mwaganiza zotuluka, mumalemba Limit yanu mukuona mzerewo ndi maso.